Wopsa ndi moto: ludzu la m'mitsempha ndi mafunso anayi a m'chipinda cha ngozi

Munthu akapsa kwambiri ndi moto, maso a abale onse amakhala pa bala. Wina amathamangira dzira, wina mankhwala otsukira mano, wina mafuta ophikira, onse kufuna kuphimba pamene khungu lasendeka. Koma namwino wodziwa ntchito yake akamulandira wodwalayo n'kuona kuti akupuma bwino, sayambira pa bala. Amagwira mkono n'kuyamba kufunafuna mtsempha woikapo diripi. Abale ena amang'ung'udza pakhonde kuti, "Angomuika madzi basi, bala sanaligwire n'komwe." Namwinoyo amakhala akudziwa kuti tsiku loyamba chimene chimapha munthu wopsa kwambiri ndi kutha kwa madzi m'mitsempha yake ya magazi. Bala lidzasamalidwa, koma impso sizingadikire.

Ophunzira unamwino ndi udokotala amayesedwa nkhani imeneyi ndi mafunso a mayankho anayi, limodzi lolondola, atatu olakwika. Kwa ine phindu lalikulu la mafunso otere lili pa mayankho olakwikawo, chifukwa lililonse ndi cholakwa chimene munthu weniweni angachite pambali pa bedi la wodwala usiku. Titsatire wodwala mmodzi ngati mmene amalembedwera pa mayeso, tione chifukwa chimene yankho lililonse limagwera.

Bambo wa zaka 30, wolemera makilogalamu 60, wapsa nthawi ya 2 koloko masana pamene chigubu cha petulo chinagwira moto m'nyumba. Wafika kuchipatala 4 koloko madzulo. Wapsa chifuwa ndi mimba yonse, mkono wonse wamanzere, ndi kutsogolo kwa mwendo umodzi, ndipo malo onsewa ali ndi matuza kapena khungu lasendeka. Tsaya limodzi langofiira ndi kutentha kwa moto, koma ilibe matuza, ndipo akulankhula ndi mawu ake a masiku onse. Mtima ukugunda ka 128 pa mphindi, bipi ili pa 100/70, manja ndi mapazi azizira, ndipo akupempha madzi akumwa mosalekeza. Funso loyamba likuti, kodi bamboyu akulowa mu shoko ya mtundu wanji? Ya majeremusi m'magazi, ya kufooka kwa mtima, ya kuchepa kwa madzi m'mitsempha, kapena ya kudana kwa thupi ndi mankhwala?

Achipatala akati munthu ali mu shoko amatanthauza kuti magazi sakufika mokwanira ku ziwalo monga ubongo, impso ndi matumbo, ndiye ziwalozo zikusowa okosijeni. Taganizirani mlimi wothirira dimba ndi pampu yopalasa. Madzi angalephere kufika pa tomato wake chifukwa chitsime chaphwa, kapena pampu yafooka, kapena mapaipi atambasuka moti madzi alibenso mphamvu yokankha, kapena chinthu china chapsinja paipi panjira. M'thupi namonso zifukwa zake ndi zinayi zomwezo. Chitsime ndi magazi, pampu ndi mtima, mapaipi ndi mitsempha.

Bambo wathuyu chitsime chake chikuphwa, ndipo yankho lolondola ndi shoko ya kuchepa kwa madzi, imene m'mabuku amaitcha hipovolemiki. Chodabwitsa n'chakuti sanataye magazi ngakhale dontho. Moto ukawononga khungu lalikulu, timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timayamba kudontha, pa bala pomwepo komanso m'malo amene moto sunafikeko. Madzi a m'magazi, mchere ndi mapuloteni zimatulukira m'minofu. Munthu amatupa pamene mitsempha yake ikuuma, ndipo magazi otsalawo amakhala okhuthala. Kudontha kumeneku kumakhala kwakukulu m'maola oyambirira, kenako kumayamba kuchepa pakatha pafupifupi tsiku limodzi. Thupi likazindikira kuti madzi achepa, limafinya mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo kuti magazi apite ku mtima ndi ubongo. N'chifukwa chake munthu amene watuluka m'moto amakhala ndi manja ozizira.

Wophunzira wosankha majeremusi amakhala ataganiza bwino, koma nthawi yake ndi yolakwika. N'zoona kuti majeremusi amapha anthu ambiri opsa, popeza khungu lotchinga lapita. Koma amafuna masiku kuti amere pa bala ndi kulowa m'magazi, osati maola awiri. Komanso shoko ya majeremusi kawirikawiri imayamba ndi thupi lotentha ndi manja ofunda, chifukwa mitsempha imatambasuka. Funso lomweli likananena kuti ndi tsiku lachisanu, bala likununkha ndipo wodwala wayamba kubwebweta, yankho limeneli likanakhala lolondola.

Kufooka kwa mtima nako kumagwa. Mtima ukalephera kupopa, magazi amadzadzana kumbuyo kwake: mitsempha ya m'khosi imafufuma, m'mapapo mumalowa madzi, ndipo munthu amabanika akagona chagada. Bambo wathu mitsempha ya m'khosi ili phwa. Akatswiri amadziwa kuti kupsa kwakukulu kumafooketsako mtima pang'ono, koma vuto lalikulu la mtima wa bamboyu ndi kusowa chopopa. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika chifukwa chithandizo chake chimatsutsana. Madzi ochuluka amene angapulumutse wopsayu angamize mapapo a munthu wodwala mtima. Yankho lachinayi, la thupi kudana ndi mankhwala kapena kulumidwa ndi njuchi, silifuna mawu ambiri. Bamboyu sanabayidwe jakisoni aliyense, alibe zidzolo zoyabwa, milomo sinatupe ndipo sakupuma moliza likhweru.

Funso lachiwiri ndi la masamu, ndipo ndi pamene ambiri amapunthwa. Pogwiritsa ntchito fomula ya Parkland, diripi ya bamboyu iyambe pa liwiro lanji? Mamililita 360 pa ola, 540, 720, kapena 1,080?

Fomulayi inachokera kwa dokotala Charles Baxter wa pachipatala cha Parkland mumzinda wa Dallas ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Imayenda motere:

4 ml × kg × %

Ndiye kuti mamililita anayi, kuchulukitsa ndi kulemera kwa wodwala, kuchulukitsanso ndi gawo la khungu limene lapsa. Chotulukapo ndi madzi a maola 24 oyamba. Theka lake limaperekedwa m'maola asanu ndi atatu oyamba, theka linalo m'maola 16 otsatirawo.

Gawo la khungu limayezedwa ndi lamulo la ma 9. Mwa munthu wamkulu, mutu ndi khosi ndi maperesenti 9, mkono uliwonse 9, kutsogolo kwa thunthu 18, kumsana 18, mwendo uliwonse 18, ndipo malo obisika ndi peresenti imodzi. Bala likakhala lamawangamawanga, amayerekeza ndi chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala zake, chimene ndi pafupifupi peresenti imodzi. Onetsetsani kuti ndi chikhatho cha wodwala, osati cha namwino. Bambo wathu tsono ali ndi 18 wa chifuwa ndi mimba, 9 wa mkono, ndi 9 wa theka la mwendo, zonse pamodzi 36. Tsaya lofiira lija siliwerengedwa, popeza khungu longofiira lopanda matuza silitaya madzi otere. Wolemba funso analiikamo dala kuti akole wophunzira wothamanga.

Tikachulukitsa 4, 60 ndi 36 tikupeza mamililita 8,640, kupitirira malita asanu ndi atatu ndi theka. Theka lake ndi 4,320. Apa ndiye pali mfundo imene ndimafuna aliyense, ngakhale wosaphunzira zachipatala, aigwire: maola asanu ndi atatu aja amayamba kuwerengedwa pa nthawi imene munthu anapsa, osati pamene anafika kuchipatala. Timitsempha tinayamba kudontha 2 koloko. Sitinadikire kuti galimoto ipezeke. Choncho nthawi yoyambayo ikutha 10 koloko usiku, ndipo pofika 4 koloko kwatsala maola asanu ndi limodzi okha. Kugawa 4,320 ndi 6 kukupereka mamililita 720 pa ola, ndipo limeneli ndilo yankho. Ikakwana 10 koloko liwiro litsike kufika pa 270 pa ola mpaka 2 koloko masana a tsiku lotsatira.

Mamililita 720 pa ola ndi madzi ambiri kwa amene sanawaonepo akuyenda. Thumba la lita imodzi limatha pasanathe ola ndi theka. Pa paipi ya diripi imene madontho 20 amapanga mililita imodzi, amenewo ndi madontho 240 pa mphindi, anayi pa sekondi iliyonse, oti diso silingawerenge. N'chifukwa chake amaika masingano awiri akuluakulu, makamaka pa khungu losapsa, ndipo kumene kulibe makina oyendetsa diripi, namwino amamata pulasitala m'mbali mwa thumba n'kulembapo pamene madzi ayenera kukhala pakatha ola lililonse.

Wosankha 540 wagawa 4,320 ndi 8, kuiwala maola awiri a panjira. Cholakwa chimenechi chimaoneka chaching'ono, koma pofika 10 koloko wodwalayo adzakhala ataperewera madzi opitirira lita imodzi, pa nthawi imene mitsempha yake ikudontha kwambiri. Wosankha 1,080 wagawa madzi onse a tsiku ndi 8, kuiwala kuti ndi theka lokha limene limalowa koyamba. Wosankha 360 wagawa 8,640 ndi 24 ngati kuti thupi limataya madzi mofanana tsiku lonse, pamene ludzu lalikulu lili koyambirira.

Pa 360 ndiimepo pang'ono. Madokotala ambiri masiku ano anaona kuti odwala akulandira madzi opitirira muyeso, ndiye malangizo ena atsopano amati munthu wamkulu ayambidwe ndi mamililita awiri m'malo mwa anayi, kenako kumawonjezera poona mmene akuchitira. Mukawerengera bambo wathu ndi 2, mupeza 4,320 pa tsiku, theka lake 2,160, ndipo kugawa ndi maola asanu ndi limodzi kukupereka 360 yemweyo. Pa funso ili 360 ndi wolakwika chifukwa funso latchula Parkland. Koma izi zikusonyeza kuti fomula iliyonse ndi poyambira chabe, ndipo namwino atsatire imene chipatala chake chinasankha.

Mtundu wa madzi nawo uli ndi chifukwa chake. Oyenera ndi madzi a Ringer, amene ena amawatcha a Hartmann, popeza mchere wake ukufanana ndi wa m'magazi. Salaini wamba amathandiza pamene a Ringer palibe, koma malita ambiri a salaini amawonjezera asidi m'magazi. Madzi a shuga okha sakhalitsa m'mitsempha, amalowerera m'minofu n'kusungunula mchere wa m'thupi. Magazi nawo safunika pa kupsa kokha tsiku loyamba, chifukwa chimene chatayika ndi madzi ake, maselo ofiira ambiri akadalipo.

Popeza fomula ndi poyambira chabe, namwino adziwa bwanji kuti madzi akukwana? Funso lachitatu likuchokera pamenepo. Yakwana 7 koloko usiku. Bamboyu anamuika kapaipi ka mkodzo, ndipo kwa maola awiri otsatizana mkodzo ukutuluka mamililita 12 okha pa ola, woderako. Bipi ili pa 110/70. Kapaipi sikanapindike, ndipo diripi ikuyenda bwino mumtsempha. Achite chiyani? Asiye zonse mmene zilili popeza bipi ili bwino, amubaye mankhwala okodzetsa, awonjezere liwiro la diripi pang'ono, kapena atsegule diripi yonse malita awiri alowe nthawi imodzi?

Impso ndi zimene zimauza namwino zoona. Zikamalandira magazi okwanira, munthu wamkulu amatulutsa mkodzo pafupifupi theka la mililita pa kilogalamu iliyonse pa ola. Kwa bambo wa makilogalamu 60 ndi mamililita 30 pa ola, supuni zazikulu ziwiri. Iye akutulutsa wosakwana theka la pamenepo, ndiye madzi akuperewera. Choyenera ndi kukweza liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuyandikira pamenepo, kuchoka pa 720 kufika cha m'ma 900, n'kuyezanso mkodzo ola likatha.

Kudalira bipi ndi msampha. Thupi la munthu wachinyamata limatha kufinya mitsempha n'kusunga bipi ili bwino kwa nthawi yaitali pamene impso zikuuma. Bipi ikamadzagwa, zinthu zimakhala zitafika kale poipa. Komanso mkono wotupa supereka muyeso wodalirika. Kugunda kwa mtima nako sikungadaliridwe pakokha, chifukwa ululu ndi mantha zimathamangitsa mtima ngakhale madzi atakwana.

Mankhwala okodzetsa ndi yankho limene limandiopsa kwambiri, chifukwa limaoneka ngati lagwira ntchito. Thumba la mkodzo lidzadzaza ndithu, aliyense n'kupuma. Koma impso zinachepetsa mkodzo dala pofuna kusunga madzi ochepa amene atsala. Kuzikakamiza kukodza n'kuchotsa madzi mwa munthu amene akuuma kale, ndipo kuyambira pamenepo mkodzo sungauzenso namwino chilichonse. Wawononga wodwala, wawononganso muyeso wake.

Nanga kutsanulira malita awiri nthawi imodzi? Kumbukirani kuti timitsempha tikudontha. Madzi olowa mwamphamvu chotero ambiri amangodutsa n'kukathera m'minofu, kutupa n'kuwonjezeka. Kutupa kopitirira kuli ndi zoopsa zake: madzi m'mapapo, mimba yolimba imene imapsinja impso ndi matumbo, ndi mkono wotupa mkati mwa khungu lopsa louma limene silitambasuka, mpaka magazi kuleka kufika ku zala. Kutsanulira kotere amakusungira wodwala amene bipi yagweratu. Ndipo muyeso wa mkodzo umagwira mbali zonse ziwiri. Bamboyu akanakhala akutulutsa mamililita 100 pa ola, namwino sayenera kukondwera, ayenera kutsitsa diripi.

Ana ali ndi malamulo awo, ndipo kuno kwathu ndiwo ambiri m'mawodi a opsa a ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, makamaka m'miyezi yozizira pamene mabanja amawotha moto, ndiponso chifukwa cha phala ndi madzi owira. Mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, pafupifupi maperesenti 18, miyendo n'kukhala yocheperapo, ndiye lamulo la ma 9 la akulu limasokeretsa. Mwana amafuna diripi akapsa maperesenti 10 okha, pamene wamkulu amayambira cha pa 15 mpaka 20. Mkodzo wake uyenera kufika mililita imodzi pa kilogalamu pa ola. Pamwamba pa madzi a fomula amamuwonjezera madzi okhala ndi shuga, chifukwa chiwindi cha mwana sichisunga shuga wambiri.

Funso lomaliza likusintha wodwala kuti liyese ngati wophunzira akuganiza kapena akungoloweza. Mayi wa zaka 40 wadumpha kuchokera pa nyumba yosanja imene inagwira moto. Wapsa mkono umodzi wokha, ndipo wafika kuchipatala patangopita mphindi 40. Bipi ili pa 80/50, mtima ukugunda ka 50 pa mphindi, mapazi ndi ofunda ndi ouma, ndipo sakutha kusuntha miyendo. Akudandaula khosi. Kodi ndi shoko ya kupsa, ya kutaya magazi mkati, ya mpweya wodzadza m'chifuwa, kapena ya kuvulala kwa msana?

Amene waona mawu oti moto n'kuthamangira shoko ya kupsa wagwa. Mkono umodzi ndi maperesenti 9, ochepa kwambiri kuti agwetse bipi ya munthu wamkulu, ndipo mphindi 40 sizikwanira kuti madzi adonthe ochuluka chotero. Madokotala a ngozi amaphunzitsana kuti wopsa amene bipi yake yagwa m'ola loyamba ali ndi vuto lina, ndipo lifufuzidwe.

Kutaya magazi mkati ndi yankho loyenera kulilemekeza, chifukwa mwa anthu ovulala pangozi ndiko kumabweretsa shoko kawirikawiri. Kapamba wong'ambika kapena fupa la m'chiuno lothyoka lingataye magazi ambiri osaoneka kunja. Koma wotaya magazi mtima wake umathamanga, khungu limazizira ndi kuchita thukuta. Mayiyu ali ndi zosiyana ndi zimenezo. Mpweya wodzadza m'chifuwa, umene umachitika phapo likabooka n'kupsinja mtima, ndiwo shoko ya kutsekeka kwa njira. Wodwala wake amabanika koopsa, mtima umathamanga, mitsempha ya m'khosi imafufuma, ndipo mbali imodzi ya chifuwa sikumveka mpweya ukulowa. Funso silinatchule chilichonse mwa izi.

Chatsala ndi shoko ya kuvulala kwa msana, nyurojeniki. Mauthenga olamula mitsempha ya magazi kuti ifinyike ndi mtima kuti uthamange amadutsa mumsana. Khosi kapena kumtunda kwa msana kukathyoka, mauthengawo safika. Mitsempha imatambasuka, magazi amakhazikika m'miyendo, bipi imagwa, ndipo mtima sulandira lamulo lothamanga. Bipi yotsika, mtima wodekha ndi mapazi ofunda zikapezeka pamodzi mwa munthu wovulala, ziloza kumeneko. Ophunzira ena amaganiza kuti shoko imeneyi imabwera ndi ululu waukulu kapena mantha, ndiye amaisankha pa wopsa aliyense. Ayi, imafuna kuvulala kwenikweni kwa msana. Mayiyu khosi lake litetezedwe lisagwedezeke, apatsidwe madzi mosamala, ndipo kawirikawiri amafunika mankhwala ofinya mitsempha. Akapatsidwa malita ngati a bambo uja, mapapo ake adzadzaza madzi. Komabe pa bedi lenileni dokotala wabwino amafufuzabe m'mimba, m'chifuwa ndi m'chiuno, chifukwa munthu wogwa kuchokera pamwamba angathyoke khosi n'kumatayanso magazi nthawi yomweyo.

Inu amene simuli achipatala muli ndi gawo lanu m'masamu onsewa. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pa balalo kwa mphindi 20, osati madzi oundana, ndipo thupi lonselo mulifunditse, makamaka ngati ndi mwana. Vulani mphete, zibangili ndi lamba kutupa kusanayambe. Phimbani balalo ndi nsalu yoyera, osapakapo dzira, mafuta kapena mankhwala azitsamba. Yang'anani nthawi pa foni ndipo muisunge m'mutu. Mukafika kuchipatala, uzani namwino nthawi yeniyeni imene munthuyo anapsa, chimene chinamuwotcha, ngati anali m'nyumba yodzadza utsi, ngati anagwa, ndiponso ngati amadwala khunyu kapena mtima. Ngati ndi mwana, nyamulani buku lake la kusikelo, chifukwa kulemera kwake kwalembedwamo.